Matumba 80 a chimanga ku Domwe: ndigulitse pano kapena ndidikire Januwale?

Mnyamata wa ku Domwe: Mwaswera bwanji nonse pa gulu. Ndabwera ndi masamu anga kuti mundiunikire. Chaka chino ndinalima mahekitala awiri a chimanga cha haibulidi. Mbewu makilo 40 inandidyera mametikali 7,200. Feteleza matumba 8, anayi wokulitsa ndi anayi wobereketsa, 22,400. Aganyu kuyambira kugalauza mpaka kubandira 12,000. Mankhwala a mbozi 1,500. Ngolo, kutonola ndi masaka 4,900. Zonse pamodzi 48,000 ndendende. Ndakolola matumba 110 a makilo 50. Ndapatula 30 a pakhomo, pakuti tilipo 7 ndipo maliro ndi achibale sasowa. Atsala 80, ndiwo makilo 4,000. Mavenda pano akugula 12 pa kilo, ndiye ndikagulitsa lero ndipeza 48,000, ndalama yomwe ija ndinalowetsa. Januwale wapitayu chimanga chinafika 22 ku Ulongwe. Ndikasunga ndipeza 88,000. Phindu la 40,000 pongodikira miyezi 7. Kodi pali chimene chingandiletse?

Venda wa pa Kalomwe: Gulitsani achimwene, ndibwere ndi sikelo mawa kkkk

Mayi wa pa Chigayo: Inu a venda khalani chete, mwanayu akufunsa zenizeni. Mwana wanga, ndisanayankhe ndiuze, chaka chatha unasunga? Zinatuluka bwanji?

Mnyamata wa ku Domwe: Ndinasunga matumba 40 mayi, m'masaka wamba, m'chipinda cha kuseri. Mankhwala sindinathire chifukwa chinkaoneka choyera bwino. Mu Febuluwale titayika pa sikelo thumba lililonse linkabwera 43, ena 44, ena 42. Pansi pa thumba ufa wokhawokha. Wogula anandidula 3 pa kilo ati n'chofumbwa.

Mlangizi Wopuma: Ndiye yankho lalikulu mwadziyankha nokha, mwangoiwala kulilowetsa m'masamu. Mwawerengera ngati makilo 4,000 a mu Juni adzakhalabe 4,000 mu Januwale, komanso ngati mudzalandira mtengo wa chimanga chabwino. Tiyeni tiyike zimene zinakuchitikirani inu nomwe. Thumba la 50 likatsika kufika 43, matumba 80 akupatsani makilo 3,440. Mtengo si 22 koma 19, popeza wogula adzadulanso 3 uja. Mupeza 65,360. Kusiyana ndi kugulitsa lero kwatsika kuchoka pa 40,000 kufika pa 17,360.

Funso lachiwiri ndi ili. Mvula ikagwa mu Novembala, mbewu ndi feteleza wa chaka chamawa mudzagula ndi chiyani? Pa mitengo yanu yomweyi ndi ndalama pafupifupi 30,000, ndipo ikufunika chimanga chili chitsekere m'nyumba.

Mnyamata wa ku Domwe: Ndimaganiza zokatenga ku gulu lathu losunga ndi kubwereketsa, bambo. Timabweza ndi 10 pa 100 mwezi uliwonse.

Mlangizi Wopuma: Novembala, Disembala, Januwale. Miyezi itatu, 3,000 mwezi uliwonse, ndiye 9,000. Chotsani pa 17,000 paja. Mwatsala ndi 8,000, mutagona ndi anankafumbwe m'nyumba miyezi 7. Sindikunena kuti kusunga n'koipa ayi. Ndikunena kuti kusunga monga munasungira chaka chatha sikulipira.

Nankhuku wa ku Mowatize: Ine ndingoti gulani anapiye. Anapiye 100 a nyama, masabata 6 mwagulitsa, ndalama ikuzungulira. Chimanga muli nacho kale, chakudya chaulere.

Mayi wa pa Chigayo: Achemwali, funso ndi la kusunga chimanga. Komanso chimanga chokha sichikuza nkhuku ya nyama m'masabata 6, mukudziwa inu nomwe.

Nankhuku wa ku Mowatize: Eya, pamafunika soya wokazinga ndi zina zosakaniza, kapena kungogula chakudya cha m'sitolo. Nkhuku imodzi imadya makilo pafupifupi 4 kufika pogulitsa. Koma chofumbwa chija akanapatsa nkhuku m'malo moti adulidwe mtengo.

Mlangizi Wopuma: Chofumbwa nkhuku zimadya, ngakhale kuti thanzi lake lachepa chifukwa tizilombo timakonda kudya mtima wa njere. Koma cha chuku ayi, musapatse nkhuku, musagayitsenso. Poizoni wa chuku satha ndi kuphika. Nkhuku zimangonyentchera, kukula osakula, mwini n'kumanamizira chitopa. Za nkhuku tiyambitse nkhani yake padera, apa timalize za mnyamatayu.

Gogo wa ku Tsangano: Ana inu mumadzivuta. Ife tinkayika m'nkhokwe ndi makoko ake, n'kumata ndi dothi, chimanga n'kufika mpaka chinzake. Mankhwala tinkawadziwa ife? Phulusa basi.

Mlangizi Wopuma: Agogo akunena zoona pa chimanga chimene ankalima. Cha makolo njere yake ndi yolimba, makoko amatseka chisononkho mpaka kunsonga, nankafumbwe amavutika kulowa. Haibulidi wambiri njere yake ndi yofewa, yaufa, ndipo chisononkho chimatulukira kunja kwa makoko, choncho amayamba kufumbwa ali m'munda. Mnyamatayu akuti chinkaoneka choyera. Chimaoneka choyera ndithu, chifukwa nankafumbwe amaboola njere, n'kuikira dzira mkati, n'kutseka. Mphutsi imadyera mkati momwemo. Bowo limene mumaliona ndi khomo lotulukira, ntchito itatha kale. Nyengo yotentha mbadwo umodzi umatenga mwezi ndi masiku ochepa. Kuno kumtunda Juni ndi Julayi kumazizira, ndiye amaswana pang'onopang'ono, munthu n'kudzinamiza kuti zili bwino. Kukatentha mu Okutobala amachulukana mwakamodzi.

Ndiye palinso wina amene agogo sanakule naye, nankafumbwe wamkulu uja wooneka ngati kathunthu, mutu wolowa pansi. Ameneyo anabwera mochedwa m'maiko athu ano. Amakonda chimanga cha m'zisononkho, amaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe, ndipo chizindikiro chake ndi ufa wambirimbiri. Ufa umene mnyamatayu anaupeza pansi pa matumba ukundikayikitsa kuti analipo. Kwa iyeyo nkhokwe ya zisononkho ndi phwando, n'chifukwa chake masiku ano timati tonolani.

Gogo wa ku Tsangano: Ine changa cha makolo chikadali m'nkhokwe ndipo sindikutonola. Mubwere mu Disembala mudzaone.

Venda wa pa Kalomwe: Nthabwala pambali, ndikuuzeni chinsinsi cha ntchito yathu. Chimanga chofumbwa musamagulitse pa sikelo. Gulitsani pa lata. Lata imadzaza chimodzimodzi kaya njere ndi yopepuka. Mu Januwale anthu ogula lata imodzi ya chakudya sayang'ana kulemera.

Mayi wa pa Chigayo: Amayang'ana akafika kwa ine. Amabwera ndi lata yodzaza, tikakonola n'kupeta mphale yotsala ndi yomvetsa chisoni, zonse zapita ku gaga. Mawa lake sabwereranso kwa amene anawagulitsa. Komanso makilo 4,000 kugulitsa lata imodziimodzi, adzakhala pa msika masabata angati? Ndipo inu mukamagula mu Juni mumabwera ndi lata yanu yosula matako ija, yolowa makilo oposa 20, n'kusenzetsa mpaka nsonga.

Venda wa pa Kalomwe: Mayi mwandiyalutsa pa gulu kkkk. Koma timatero pa chifukwa. Chimanga cha mu Meyi ndi Juni chimakhala ndi madzi. Ndikagula makilo 100 lero, ndikayanika amatsala 95 kapena 96. Ndani alipire madziwo? N'chifukwa chake mtengo wa pano uli pansi, si nkhanza zokha ayi.

Mlangizi Wopuma: Apa a venda anena mfundo imene ambiri saidziwa, ndipo ikukhudza masamu athu. Si kutsika konse kwa thumba kumene kuli kwa tizilombo. Chimanga chosungika bwino chimafuna chinyezi cha 13 pa 100 kapena kucheperapo. Ngati chanu chili pa 16, pouma kufika pa 13 chitaya makilo atatu ndi theka pa 100 alionse. Chikakhala pa 18 chitaya pafupifupi 6. Amenewo ndi madzi, palibe mankhwala kapena thumba limene lingawabweze. Ndiye pa makilo 7 amene thumba lanu linataya chaka chatha, mwina awiri anali madzi, asanu ndiwo anadyedwa.

Mnyamata wa ku Domwe: Nanga ndidziwa bwanji kuti chauma, poti kachipangizo koyezera ndilibe? Ine ndimangoluma.

Mlangizi Wopuma: Kuluma kumathandiza, njere youma imathetheka pa dzino, yaiwisi imangophwanyika mofewa. Koma dzino limanama pakati apa. Chitani za mchere. Tengani botolo lagalasi louma bwino. Mchere muyambe mwauwumitsa pa dzuwa kapena mu chiwaya, chifukwa mchere wa m'khitchini umakhala utayamwa kale chinyezi. Thirani chimanga kufika limodzi mwa magawo atatu a botolo, mchere masipuni awiri kapena atatu, tsekani, khutchumulani mphindi imodzi, siyani kanthawi, khutchumulaninso. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chimanga chikadali ndi madzi, bwezani pa dzuwa. Ukagwa pansi wonse ndiye chayandikira. Ine ndimaonjezerabe tsiku limodzi kapena awiri pa dzuwa, chifukwa mchere umayamba kumata chinyezi chikapitirira 15, pomwe ife tikufuna 13. Yanikani pa lona kapena pa mphasa, osati pa dothi. Ndipo chimanga chotengera musatenge cha pamwamba pokha, pisani mkono pakati pa mulu.

Mlongo wa ku Furankungo: Ine ndikufuna ndichenjeze za matumba osalowa mpweya aja, poti ndikuona nkhani ikulowera komweko. Ndinagula 10 chaka chatha. Nditatsegula mu Disembala atatu ankanunkha ngati masese, chimanga chitagwirana. Awiri makoswe anaboola ndipo munali anankafumbwe kuposa m'masaka wamba. Ndalama yanga inangopita.

Mlangizi Wopuma: Pepani achemwali. Atatu onunkhawo munatsekera chimanga chisanaume, thumba limenelija silitulutsa chinyezi, ndiye chimawira mkati. Mmene limagwirira ntchito ndi motere: mkati muli mapulasitiki, kunja saka. Mukamanga bwino, tizilombo timene tinalowa ndi chimanga timapuma mpweya wotsalawo mpaka kuutha, kenako timafa tokha, popanda mankhwala. Ndiye kabowo kamodzi kokha kakwanira kuwononga zonse. Musanathire, uzirani mpweya m'pulasitiki, gwirani kukamwa, finyani, mumve ngati ukutuluka. Petani chimanga, chifukwa tizidutswa ta zitsononkho timabaya. Pulasitiki iliyonse imangidwe payokha mutafinya mpweya. Sanjikani pa mitengo, osagunda khoma, malo ozungulira akhale osesa kuti khoswe asapeze pobisala. Ndipo musamatsegule sabata iliyonse kukapungula cha nsima.

Mlongo wa ku Furankungo: Zopungulazo ndiye ndinkachita, sindinama. Koma makoswe a kwathu samva zosesa.

Mayi wa pa Chigayo: Weta mphaka. Ine ndili ndi awiri pa chigayo, amandigwirira ntchito kuposa mlonda.

Mnyamata wa ku Domwe: Ndafunsa ku sitolo ya zaulimi ku Ulongwe pa foni, akuti thumba lotero la makilo 50 ndi 150. Matumba 80 ndi 12,000. Ndalama imeneyo panopa ndilibe, ndiyenera kugulitsa matumba 20 kuti ndigule matumba. Mutu wayamba kuwawa.

Mlangizi Wopuma: Tiwerengere kaye ngati muli nayo, kenako tidule. Tinene kuti chimanga chanu chili pa 16, chikauma makilo 4,000 atsala 3,860. Mu Januwale pa 22 ndi 84,920. Kuchotsa 12,000 ya matumba ndi 9,000 ya chiwongoladzanja, mutsala ndi 63,920. Mwaposa kugulitsa lero ndi pafupifupi 16,000, ndipo matumbawo mukawasamala agwiranso chaka chamawa.

Koma nambala imene ndikufuna muilembe pa khoma si imeneyo. Funsani kuti, mtengo wa Januwale ufike pati kuti ndingobweza? Phatikizani 48,000 imene mwaikana lero, 12,000 ndi 9,000, ndi 69,000. Gawani ndi makilo 3,860. Ikubwera pafupifupi 18. Ndiye kuti chimanga chikalephera kufika 18 pa kilo, mwaluza, ngakhale mutapanda kutaya njere imodzi. Popanda ngongole ija nambalayi ikutsika kufika 15 ndi theka. Mwaona chimene chikukulemetsani? Ngongole ndiyo ikukweza mpanda umene muyenera kudumpha.

Venda wa pa Kalomwe: Ndipo 22 ameneyo musamutenge ngati lamulo. Amene analipo mu 2017 akukumbuka. Chilala cha 2016 chinakweza mitengo, aliyense anati chaka chamawa ndisunga. Mvula inagwa bwino, chimanga chinachuluka kuno ndi ku Malawi komwe, mtengo unagona pansi mpaka nyengo ya njala inadutsa osadzuka. Ine ndinagulitsa mu Febuluwale motsika kuposa mmene ndinagulira. Kuno ku malire mtengo wathu umamvera njala ya ku Dedza ndi ku Ntcheu. Kukakhala njala uko, njinga ndi magalimoto zimabwera zokha. Akakolola bwino, mumatsala nacho. Ndiye palinso za kwacha. Pamene inagwetsedwa mu Novembala 2023, amene anagulitsa chimanga pa kwacha n'kuisunga m'nyumba anadzuka ndalama yawo itachepa mphamvu. Ngati mukugulitsa kwa a kutsidya, landirani metikali kapena sinthani tsiku lomwelo.

Mphunzitsi wa ku Zobwe: Ndawerenga zonse, koma ndikuona kuti mukumulakwira mnyamatayu pa chinthu chimodzi. Akuti akagulitsa lero sapeza phindu. Nanga matumba 30 a pakhomo aja ndi aulere? Makilo 1,500 akanati azigula mu Januwale ndi ndalama zoposa 30,000. Phindu lake ndi limenelo. Kilo iliyonse yamudyera 48,000 kugawa ndi 5,500, sikufika 9. Pa 12 akupindula kale.

Mayi wa pa Chigayo: Aphunzitsi, ngati mukuwerengera nsima ngati phindu, werengeraninso thukuta lake ndi la mkazi wake. Mu 48,000 muja mulibe tsiku ngakhale limodzi la iwo eni. Kuyambira Okutobala mpaka Juni ali m'munda. Akanapita kukagwira ganyu kwa wina bwenzi atalandira zingati?

Mphunzitsi wa ku Zobwe: Ganyu wa miyezi 8 yotsatizana akanamupeza kuti mayi? Tsiku limene palibe wokulemba ntchito mtengo wake ndi ziro.

Mayi wa pa Chigayo: Mukauze mkazi wake kuti mtengo wake ndi ziro, tione ngati mudye nsima kumeneko.

Mlangizi Wopuma: Nkhani imeneyo sitiimaliza lero, ndipo kaya tiwerengera kaya ayi, sikusintha funso la matumba 80. Ine ndikanakhala iye sindikanatenga chimanga chonse ngati mulu umodzi. Ndikanachigawa potsata mwezi umene ndalama ikufunika. Matumba 10 agulitseni panopa, ndi 6,000, ndiyo igule matumba 40 osalowa mpweya. Amenewo mutsekere cha Januwale ndi Febuluwale. Matumba 30 otsala ndi a feteleza. Amenewo safuna thumba lodula chifukwa akhala miyezi itatu kapena inayi yokha, thirani akiteliki wa ufa monga momwe alembera pa paketi, musakanize bwino pa lona ndi fosholo, osati kungowaza pakamwa pa thumba. Mugulitse kumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala mtengo utayamba kusuntha. Pa 16 akupatsani ndalama yoyandikira 23,000, feteleza wakwana. Ya mbewu ndiye mungabwereke, 7,000 si 30,000.

Mnyamata wa ku Domwe: Nanga a pakhomo 30 aja? Amenewo ndimaganiza zongowasiya m'masaka.

Mlangizi Wopuma: Amenewo ndiwo akhale nthawi yaitali kuposa onse, mpaka Epulo. Mukawasiya choncho mudzapezeka mukugula chimanga pa 22 mwezi womwe mukugulitsa chanu. Amene mudye kufika Okutobala asiyeni, ena onse atetezedwe. Mankhwala a ufa mphamvu yake imapita ikuchepa, ndiye ikatha miyezi inayi kapena isanu tsegulani thumba limodzi la pakati pa mulu, sefani muone. Chinthu chimodzi ndikupempheni: mapilitsi aja ogulitsa pa msika otulutsa mpweya wakupha, musawayike m'nyumba yogona anthu. Mpweya wake umadutsa m'saka ndi pansi pa chitseko, ndipo umapha munthu, makamaka ana ali mtulo.

Venda wa pa Kalomwe: Ine ndikutsutsa za kudikira Okutobala. Feteleza nayenso amakwera mvula ikayandikira, nthawi zina amasowa kumene. Ngati chimanga chikwera ndi 4 pa kilo koma thumba la feteleza lakwera ndi 400, mwapindula chiyani? Gulitsani pano, gulani feteleza pano, muyike pouma.

Mlangizi Wopuma: Tiwerengere. Matumba 30 ndi makilo 1,500, kukwera kwa 4 ndi 6,000, tichotsepo madzi ndi mankhwala itsale ngati 4,500. Feteleza matumba 8 kukwera 400 ndi 3,200. Kudikira kukupambanabe, koma pang'ono, ndipo manambala onse awiri ndi ongoganizira. Za kusowa ndiye mwanena zoona. Wokulitsa akachedwa sabata ziwiri mbewu itamera, zimene mutaye m'munda ziposa zonsezi. Mwina agule wokulitsa msanga, wobereketsa adikire, popezanso yureya akakhalitsa malo a chinyezi amagwirana ngati mwala.

Nankhuku wa ku Mowatize: Mukamaliza masamu anuwo, gaga yense wa matumba 30 a pakhomo musataye, ndidzagula ine.

Mnyamata wa ku Domwe: Ndachita za botolo zija madzulo ano. Mchere wamata mbali zonse. Ndiye kuti matumba onse 110 ndiwamasule ndiyanikenso, ndipo lona ndili nayo imodzi yokha.

Mlongo wa ku Furankungo: Yamba ndi amene ali pansi pa mulu ndi ogunda khoma. Ukapisa mkono n'kumva kutentha mkati, ameneyo asagonenso m'thumba usiku wa lero.

Venda wa pa Kalomwe: Matumba 10 aja musayanike achimwene, ndigula ndi madzi ake omwe. Koma pa 11.

Mnyamata wa ku Domwe: Munati 12 m'mawa uja.

Venda wa pa Kalomwe: M'mawa uja munali musanatiuze za mchere.